Nkhanga, Gologolo ndi Dzina la Sitolo Yawo

Gologolo ndi Nkhanga anali ndi masitolo ogundana khoma pa msika wa Pamphambano, ndipo onse awiri ankagulitsa mbewu. Gologolo ankagulitsa za kumunda, monga mtedza, nyemba, nandolo ndi mapira, ndipo sitolo yake inkatchedwa Mbewu za Gologolo. Nkhanga ankagulitsa za kudimba, monga mpiru, tomato, anyezi ndi therere, ndipo yake inkatchedwa Dimba la Nkhanga. Chaka china anagwirizana zophatikiza malonda awo, koma anasowa dzina loti aitchule sitolo yatsopanoyo.

Awiriwa sanali a mkangano. Gologolo anali wofulumira kugonjera mnzake, moti ukamupempha mpando ankakupatsa ndi tebulo lomwe. Nkhanga anali wamanyazi, ndipo chomwe chamupweteka ankachisunga mumtima n'kumangoti, "Zili bwino." Kwa zaka khumi ndi ziwiri Gologolo ankasesa mpaka pakhomo pa Nkhanga, ndipo Nkhanga ankaanula mtedza wa Gologolo mvula ikayamba mwini wake ali kutali. Panalibe yemwe ankatchulapo zimenezi.

Kuphatikiza malondako kunali kwanzeru. Mbewu za Gologolo zinkayenda kwambiri mvula ikayandikira, pomwe za Nkhanga zinkayenda mvula ikatha, nyama zikatsikira kumadimba. Aliyense ankakhala miyezi ingapo akungothamangitsa ntchentche. Pamodzi, sitolo ikanagwira ntchito chaka chonse, ndipo ngolo imodzi ikanakwanira kukatenga katundu kwa alimi owalimira mbewu.

Anagumula khoma la pakati, nakhala pa matumba kuti akambirane za dzina.

"Tingolemba mayina onse awiri," anatero Gologolo. "Lanu litsogole, a Nkhanga."

"Ayi, tsogolani ndinu. Munayamba malonda ine ndisanabwere."

"Ndi miyezi iwiri yokha imeneyo! Ndiponso makasitomala anu ndi ambiri."

"Koma sitolo yaikulu inali yanu," anatero Nkhanga, akuyang'ana pansi.

Anakankhirana ulemu choncho mpaka dzuwa linafika paliwombo. Gologolo ataona kuti mnzake sakulola, anaganiza kuti mwina nkhani ya mayinayo ikumulemera. Anadumpha pa thumba paja nati, "Basi, langa lichoke. Ndi dzina chabe, silidyedwa."

Mawu amenewa anamulasa yekha mwini wake, chifukwa chikwangwani chake choyamba anachilemba ndi makala pa katoni, ali ndi chitini chimodzi cha mtedza. Koma anawanena akuseka. Nkhanga anaona kuti sangasunge dzina lake pamene mnzake wataya lake. "Ngati lanu likuchoka, langanso lichoke," anatero. "Zili bwino."

M'mawa mwake anapita ku ofesi ya kaundula wa malonda, komwe kalaliki wake anali Kakowa. Kakowa ankavala zoyera tsiku lililonse ndipo sankadumpha mzere ndi umodzi womwe wa lamulo. Anawauza kuti dzina lililonse liyenera kufufuzidwa kaye m'buku, kuti lisafanane ndi la malonda ena. Ananyambita chala n'kuyamba kutsegula masamba.

"Tigwirizane," anatero Gologolo.

"Alipo. Ndi chigayo."

"Tiyanjane?"

"Alipo awiri. Wina ndi malo omwera mowa, wina amakonza njinga, ndipo akukangana mpaka lero."

"Tikondane?"

Kakowa anangomuyang'ana pamwamba pa magalasi, osatsegula ndi buku lomwe.

Pamapeto pake Gologolo anatchula dzina loti Chiyambi Chatsopano, ndipo m'buku munalibe. Kakowa anawapatsa mapepala awiri. Loyamba linali lolembetsa dzina latsopano, lachiwiri linali lonena kuti mayina akale aja awasiya. Anawafotokozera kuti chidziwitso chake chikhomedwa pakhomo pa ofesi kwa masiku makumi atatu, ndipo masikuwo akatha, mayinawo adzakhala opanda mwini.

"Mwaganiza bwino?" anafunsa Kakowa. "Lamulo silikukakamizani kuwasiya. Mutha kuwasunga."

"Taganiza," anatero Gologolo msangamsanga, poopa kuti mnzake angamuone akukayika.

Nkhanga anagwira cholembera kwa kanthawi. Kakowa ataona zimenezi anatembenuka n'kumakonza mafayilo omwe anali okonzedwa kale. Nkhanga anasaina pansi pa dzina la Gologolo.

Sabata yomweyo anachotsa zikwangwani zakale n'kukhoma chachikulu chobiriwira. Anasinthanso mapaketi ndi matumba. Kale mapaketi a Nkhanga ankakhala ndi chithunzi cha nthenga yamawangamawanga, ndipo matumba a Gologolo ankakhala ndi mchira wopindika. Tsopano zonse zinali ndi dzuwa lotuluka, lomwe silinali la aliyense wa iwo.

Koma mbewu si tomato woti ungamufinye n'kudziwa kuti wapsa. Njere yabwino ndi njere yakufa zimaoneka chimodzimodzi m'manja, ndipo mlimi amadziwa zoona zake patatha sabata ziwiri, mvula yobzalira itapita. N'chifukwa chake wogula mbewu amagula dzina la wogulitsa. Ambiri mwa makasitomala awo ankachokera kutali, ankabwera kamodzi kapena kawiri pachaka, ndipo ena sankadziwa kuwerenga. Iwo ankangofunafuna nthenga kapena mchira.

Mwezi wa Okutobala unafika, kunja kukutentha, mitambo ikuyamba kusonkhana madzulo. Msika unadzaza ndi alimi ofuna mbewu. Ankafika pomwe panali masitolo awiri aja, n'kuyang'ana chikwangwani chobiriwira, n'kupitirira. Mashelefu atsopano anali atatchinga khomo, moti eni sitolo sankaoneka kwa wodutsa mumsewu.

"Ayamba kubwera mawa," ankatero Gologolo tsiku lililonse.

"Zili bwino," ankayankha Nkhanga.

Lachitatu lina Nkhanga anapita kukatunga madzi pa mjigo wa pamsika. Kumeneko anakumana ndi Njiri, mayi wa kudambo amene ankagula kwa iye kuyambira chaka choyamba. Njiri sankadziwa kuzungulira polankhula, ndipo mawu ake ankamveka mpaka kogulitsira nsomba. Atamuona Nkhanga anaponya dengu pansi.

"Mayi inu! Muli moyo?"

"Ndili bwino, a Njiri. Kaya inu?"

"Musandifunse za ine! Ife kudambo tinamva kuti munasamuka. Ena akuti munadwala. Mlamu wanga anafuna kuti tisonkhe ufa tikakuoneni, koma tikakuoneni kuti?"

"Ndili pomwe paja," anatero Nkhanga. "Tinangophatikiza sitolo ndi a Gologolo."

"Pomwe paja pati? Paja pali tchalitchi tsopano."

"Tchalitchi?"

"Chiyambi Chatsopano! Ndinamuuza mwamuna wanga kuti tsiku lina tidzapite, mwina amaimba bwino."

Nkhanga anafuna kuseka, koma Njiri anatulutsa kapaketi m'dengu n'kumuonetsa. Pa kapaketiko panali nthenga yamawangamawanga, yojambulidwa mokhota. Njiri anati wagula kwa Nyani, amene anayala tebulo kuseri kwa msika. Nyaniyo ankauza aliyense kuti Nkhanga anatseka sitolo n'kumusiyira katundu yense.

Nkhanga anang'amba kapaketiko n'kuthira njere za tomato pa phiko lake. Zina zinali zakuda, zina zopanda kanthu mkati, ndipo fungo lake linali la chinyontho. "Izi ndi zakale, mwina za zaka zitatu," anatero motsitsa. "Pa khumi zingamere ziwiri."

"Ndiye mukungoyang'ana?" anatero Njiri. "Anzanga asanu agula kale. Zikapanda kumera satukwana Nyani ayi. Atukwana inu."

Nkhanga anasiya ndowa yake pa mjigo n'kulunjika ku ofesi ya kaundula. Anaima pakhomo nthawi yaitali, mpaka Kakowa anamuona n'kumukokera mpando. Atamva nkhaniyo, Kakowa anatsegula buku n'kuloza mzere wina ndi mlomo wake wautali.

"A Nyani anabwera sabata yatha," anatero. "Apempha dzina loti Dimba la Nkhanga. Masiku makumi atatu akutha Lachisanu. Pakapanda wotsutsa, Lolemba ndiyenera kuwapatsa."

"Koma iwo si nkhanga."

"Dzina la malonda ndi la amene walembetsa, mayi. Inu munalemba pano kuti simukulifunanso."

"Palibe chomwe ndingachite?"

"Chilipo. Mutha kubweza pepala lija lisanakwane Lachisanu madzulo. Koma munasaina awiri, choncho pobweza musainenso awiri." Kakowa anatseka buku, kenako anawonjezera mawu omwe sanali a lamulo. "Lachisanu ndimatseka mochedwerapo."

Nkhanga anabwerera ku sitolo. Kuti apulumutse dzina lake, anayenera kumuuza Gologolo kuti akulifuna. Koma Gologolo anali atataya lake mosadandaula, ndipo dzina latsopano anasankha ndi iyeyo. Nkhanga ankaopa kuti mnzake aganiza kuti iye sakukondwa ndi mgwirizano wawo, kapena kuti amadziona wapamwamba.

Tsiku limenelo sanamuuze. Lachinayi m'mawa anayesa kawiri, koma kawiri konse mawu anasanduka ena. Koyamba anafunsa ngati nandolo wafika. Kachiwiri ananena kuti kunja kwatentha.

Masana Njiri anatulukira, atanyamula phava la nthochi lomwe anangoliika pa kauntala. Anayang'ana Nkhanga, n'kuyang'ana Gologolo, n'kuzindikira kuti nkhani sinakambidwe.

"Mwawauza?" anafunsa.

"Kundiuza chiyani?" anatero Gologolo.

Njiri anatsegula pakamwa kuti anene zonse, monga mwa khalidwe lake. Koma anaona momwe Nkhanga anafotera, ndipo anatseka pakamwapo. "Ndikadikira panja," anatero. "Koma sindichoka."

Nkhanga anayang'ana thumba la nyemba n'kuyamba kulankhula ngati akuuza thumbalo. Anafotokoza za Nyani, za kapaketi, za Lachisanu.

"A Gologolo, ine dzina langa ndikulifuna. Ndinkalifuna ndi tsiku lija lomwe. Ndinanama kuti zili bwino."

Gologolo anatembenuka n'kulowa kuseri kwa matumba a mapira. Nkhanga anaganiza kuti mnzake wakwiya ndipo mgwirizano watha. Kuseriko kunamveka kukhwekhwereza, kenako Gologolo anatuluka akukoka thabwa lalitali lokutidwa ndi chiguduli.

Chinali chikwangwani chake chakale. "Ndinakuuzani kuti ndinachiwaza nkhuni," anatero, makutu atagwa. "Ndimachipukuta fumbi inu mukapita kotunga madzi."

Nkhanga anayang'ana chikwangwanicho, n'kuyang'ana mnzake. Kuseka kunamutuluka mwadzidzidzi, kuseka kwa nkhanga kuja komwe kumamveka kutsidya kwa dambo, komwe Gologolo anali asanakumvepo pa zaka khumi ndi ziwiri. Gologolo nayenso anaseka mpaka anakhala pansi. Onse awiri anamva ngati atula mtolo wa nkhuni zaziwisi.

"Bwanji simunanene?" anafunsa Nkhanga.

"Ndimayesa ndikukuchitirani ulemu. Nanga inu?"

"Chimodzimodzi."

"Mwatha?" anafuula Njiri ali panja. "Ofesi satseka chaka chamawa!"

Anapita onse atatu tsiku lomwelo. Kakowa anatulutsa pepala lobwezera, lomwe anali atalemba kale mbali zake zonse kupatula posaina. Atasaina, anadinda chidindo n'kukachotsa chidziwitso chija pakhomo. Anawauza kuti pempho la Nyani likanidwa, ndipo anawalangiza kulembetsanso nthenga ndi mchira ngati zizindikiro zawo, chifukwa kulembetsa dzina sikuteteza chithunzi.

"Tsopano dzina la sitolo," anatero Kakowa. "Likhalebe lomwe lija?"

"Ayi," anayankha onse pamodzi.

"Ndiye likhale lotani?"

"Onse awiri," anatero Gologolo. "La a Nkhanga litsogole."

"Ayi, tsogolani ndi..."

Njiri anamenya tebulo ndi chiboda mpaka chidindo chinadumpha. "Mwayambanso! Dzinali mumalitchula ndinu kapena ife? Inu mumakhala mkati. Amene timalitchula potuma ana, polozera alendo njira, ndife. Tifunseni!"

Kakowa anavomereza kuti palibe chifukwa chothamangira, popeza mayina akale anali atapulumuka. Anawauza kuti abwere ndi mayina atatu otsatana monga momwe akuwafunira, kuti loyamba likapezeka kuti lili ndi mwini ayese lachiwiri. Anawakumbutsanso kuti dzina labwino limanena chomwe chikugulitsidwa. "Lija ndinalilemba chifukwa lamulo silinaliletse," anatero. "Koma nanenso ndinkayesa sukulu ya mkaka."

Loweruka linali tsiku la msika waukulu. Anatulutsa tebulo panja pa sitolo n'kutsamiza chikwangwani chakale cha Gologolo kukhoma. Cha Nkhanga chinali chitasanduka chitseko cha khola, choncho iye anangoima yekha pambali pa tebulo kuti nyama zimuone. Sipanapite nthawi, makasitomala anayamba kuima, ena akugwira pakamwa, ena akumugwira phiko kuti atsimikize.

Poyamba anayesa dzina losakaniza. Gologolo anali atadula mayina awo pakati n'kuwalumikiza, ndipo anawerenga monyadira kuti Golonkhanga. Nyama zinayang'anana.

"Ndi mankhwala a chifuwa?" anafunsa wina.

"Ndi matenda a nkhuku," anatero mnzake.

Gologolo anafufuta dzinalo mwakachetechete. Anaona kuti m'dzina lodulidwa chonchi palibe amene akupezamo yemwe amamudziwa, ndipo onse awiri asowamo monga anasowera m'loyamba lija.

Kenako anaika zipanda ziwiri pa tebulo, china cha Gologolo ndi Nkhanga, china cha Nkhanga ndi Gologolo. Wobwera aliyense ankatchula mayina onse awiri mokweza, ngati akutuma munthu kutsidya kwa msewu, n'kuponya nyemba imodzi m'chipanda cha lomwe lamukomera pakamwa. Alimi a kumtunda, olima mtedza, ankaponya kwa Gologolo asanamve n'komwe dzina linalo. A kudambo ankaponya kwa Nkhanga, ndipo Njiri anagwidwa akuponya kachitatu.

Dzuwa litapendeka anakhuthula zipandazo, ndipo milu iwiriyo inali yofanana ndithu. Komabe tsikulo silinapite pachabe. Anaphunzira kuti makasitomala sankasamala kwenikweni za yemwe watsogola, malinga dzina lomwe amalidalira lilipo lathunthu. Anamvanso chinthu china chomwe pafupifupi aliyense ankanena.

Gologolo ndiye anachitchula, nyama zitabalalika. "Mwamva zomwe amafunsa? Palibe amene anafunsa ngati ine ndinatseka. Amandiona tsiku ndi tsiku ndikuthamanga mumsika. Koma inu, theka la dera lino likukhulupirira kuti munachoka."

"Ndi bodza la a Nyani," anatero Nkhanga.

"Eya. Ndiye wodutsa mumsewu, mawu oyamba omwe awerenge akhale oti mulipo. Lero sindikunena mwaulemu ayi, a Nkhanga. Ndikunena za malonda. Bodza likanakhala la ine, ndikanapempha kuti langa litsogole."

Nkhanga anamuyang'ana m'maso, chinthu chomwe sankachita kawirikawiri. "Mukanapemphadi?"

"Mwina ndikanayamba ndazungulira," anavomera Gologolo. "Koma ndikanapempha."

"Ndiye ndalola. Koma nanunso munene chomwe mukufuna. Osati chomwe mukuganiza kuti ndikufuna ine."

Gologolo anakanda khutu. Kupempha kunali kwachilendo kwa iye, ndipo mawu anatuluka limodzilimodzi. Anati akufuna kuti zilembo za mayina awiriwo zikhale zofanana kukula, kuti mchira ubwerere pa matumba, ndi kuti chikwangwani chikhale chofiirira monga chake chakale, chifukwa alimi a kumtunda amachizindikira ali patali. Anatinso mawu oti mbewu asasowepo.

"Basi?" anafunsa Nkhanga.

"Ndi ambiri?"

"Ndi ochepa. Mawu oti kumunda atsogolenso a kudimba, popeza langa latsogola pamwamba."

Lolemba anapereka mayina atatu kwa Kakowa, koma loyamba lomwe linadutsa. Satifiketi inatuluka yolembedwa kuti Nkhanga ndi Gologolo, Mbewu za Kumunda ndi Kudimba. Mayina akale anawasunga m'kaundula kuti azilembedwa pa katundu: matumba a mtedza ndi nyemba anakhalabe Mbewu za Gologolo, mapaketi a ndiwo zamasamba anakhalabe Dimba la Nkhanga. Pansi pa chilichonse ankadinda dzina la sitolo ndi mwezi womwe mbewuyo inapakidwa.

Ntchito inali yambiri kuposa momwe ankaganizira. Anasinthitsa chiphaso cha malonda ku ofesi ya msika, anapangitsa chidindo china, ndipo anatumiza uthenga kwa alimi onse owalimira mbewu kuti asasokonezeke. Mapaketi a dzuwa lotuluka sanawataye, koma anamata kapepala ka nthenga pa lililonse, ntchito yomwe inawatengera masiku atatu. Chikwangwani chatsopano chinali ndi nthenga kumanzere, mchira kumanja, ndipo anasunthanso mashelefu kuti wodutsa aziwaona eni ake.

Panatsala nkhani ya omwe anagula kwa Nyani. Nkhanga ananena yekha, osadikira kufunsidwa, kuti aliyense wobweretsa kapaketi ka nthenga yokhota apatsidwe kabwino kwaulere. Gologolo anafunsa ngati zimenezo sizowawa, popeza olakwa sanali iwo. "Anagula chifukwa anaona nthenga yanga," anatero Nkhanga. "Amene anaisiya pamsewu ndine."

Njiri anaufalitsa uthengawo kudambo konse tsiku limodzi, ndipo sanafunike chimkuzamawu. Mapaketi abodza anabwera ambiri. Kakowa analembera Nyani kalata yomuletsa kugwiritsa ntchito nthengayo, ndipo Nyani anapinda tebulo lake n'kuyamba kugulitsa zipewa. Alimi awiri a kutali sanamve uthenga, anafesa njere zakufa zija, ndipo sanabwerenso ku sitoloko. Nkhanga ankawakumbukira nthawi zina.

Mvula yoyamba inagwa pakati pa Novembala, Lachiwiri masana. Nyama zinathamangira pakhonde pa sitolo kudzabisala, ndipo zambiri zinatuluka ndi mbewu m'manja. Pofika kumapeto kwa sabata matumba a mtedza anali atatha, ndipo Gologolo anagona pa matumba opanda kanthu, miyendo m'mwamba, akupuma ngati wawoloka mtsinje wodzaza.

Ali chigonere choncho, Mbawala wina wokalamba wa kumtunda analowa akudontha madzi. Anati mdzukulu wake wamuwerengera chikwangwani, ndipo akufuna kudziwa chifukwa chake dzina la Gologolo, yemwe wakhala akugula kwa iye zaka zonsezi, lili kumbuyo.

"Anakulandani sitolo mayiwa?" anafunsa mokayika.

Gologolo anadzuka n'kuyamba kufotokoza, koma Nkhanga anamutsogolera. "Sindinawalande, agogo. Ndinapempha dzina langa, iwo anapempha lawo, ndipo aliyense anapatsidwa."

Mbawala anawayang'ana onse awiri, n'kugwedeza mutu. "Chabwino. Ndipatseni nandolo wa mchira. Ndi kapaketi kamodzi ka nthengako, ndikayese."

Phunziro: Ulemu wobisa chomwe ukufuna umataya zako ndi za mnzako zomwe. Dzina lomwe ena analidalira si lako wekha, choncho usanalisinthe, nena zoona kwa mnzako, ndipo funsa amene amalitchula.